Kalata yosiya ntchito ya namwino wopita kusukulu

"Ndine namwino pachipatala china cha mishoni, ndagwirapo zaka zinayi. Andisankha kukachita digiri kusukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS ndipo sukulu iyamba pa 2 Seputembala. Ndikufuna kalata yosiya ntchito ya m'Chingerezi, komanso ina ya m'Chichewa chifukwa ambiri a m'komiti ya chipatala chathu sawerenga Chingerezi. Ndilembe bwanji kuti ndichoke bwinobwino?"

Achemwali, mwachita bwino kupeza malo kusukuluko. Koma musanagwire cholembera, kafunseni kaye kwa a metroni kapena kuofesi yoona za antchito ngati simungapatsidwe tchuthi cha maphunziro. Wopita kusukulu pa tchuthi chotere amakhalabe wantchito wa chipatala. Zaka zake zimawerengedwabe, ndipo akamaliza amapeza malo ake akumudikira. Ena amapatsidwa tchuthicho ndi malipiro, ena popanda malipiro, ndipo kawirikawiri amasayina bondi yoti akabwerako adzagwire zaka zakutizakuti. Wosiya ntchito amakhala wadula chingwe: akadzafuna kubwerera, adzalemba kalata yofunsira ntchito ngati wina aliyense. Pemphani tchuthicho polemba, ndipo akakukanizani akukanizeninso polemba. Ngati munaphunzira unamwino ndi thandizo la boma kapena la chipatalacho, fufuzani pepala la bondi yakale muone ngati zaka zake zinakwana, chifukwa wochoka zisanakwane amauzidwa kubweza ndalama.

Tsono ngati njira yatsala ndi yosiya basi, chofunika kwambiri m'kalata yanu ndi tsiku. Lamulo la Ntchito la 2000, gawo 29, limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi. Umenewu ndi mlingo wochepetsetsa. Kontirakiti yanu kapena malamulo a ntchito a pachipatala panu akhoza kunena nthawi yaitali kuposa apo, monga miyezi itatu, ndipo zikatero mumatsata zimene munasayina.

Tiwerengere pa nkhani yanuyi, titatenga kuti notisi ndi ya mwezi umodzi. Sukulu ikuyamba pa 2 Seputembala, ndiye tsiku lomaliza loyenera ndi 31 Ogasiti. Kalata iyenera kukhala italandiridwa kuofesi pofika pa 31 Julayi. Ndati italandiridwa, osati italembedwa. Kalata yokhala ndi deti la 28 Julayi koma yagona m'dirowa ya a inichaji mpaka pa 10 Ogasiti idzakuvutitsani, popeza akuofesi akhoza kuyamba kuwerenga kuchokera tsiku limene anaiona. Ndipo gawo 30 la lamulo lomwelo limati wochoka osapereka notisi alipire bwana ndalama zofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo. Tinene kuti mumalandira K300,000 pamwezi ndipo mwaperewera masiku khumi: pamenepo pali pafupifupi K100,000, ndalama imene mukadalipirira nyumba mwezi woyamba kusukulu. Ineyo ndingapereke kalatayo chapakati pa Julayi, chifukwa rosita ya mawodi imakonzedwa mwezi usanayambe, ndipo wokonza rosita akadziwiratu sakuikani pa manaiti a sabata yomaliza.

Masiku a tchuthi amene simunapite musawatenge mwa inu nokha n'kusowa pantchito. Apempheni m'kalata momwemo, kuti mwina akulipireni kapena avomere kuti muwadye mkati mwa notisi.

Kalata ya m'Chingerezi ndiyo imalowa mu fayilo yanu. Ilembereni kwa amene anasayina kalata yokulembani ntchito, kudzera kwa a metroni. Pamwamba ikani keyala yanu, deti ndi nambala yanu ya ntchito, kenako mawu awa:

Dear Sir/Madam,

RESIGNATION FROM THE POST OF NURSE MIDWIFE TECHNICIAN

I write to give notice of my resignation. My last working day will be 31 August. I have been admitted to a degree programme at Kamuzu University of Health Sciences, starting on 2 September, and a copy of the admission letter is attached. I will complete my handover before I leave. Kindly advise me on my outstanding leave days and pension, and issue me a certificate of termination. Thank you for the four years I have served here.

Yours faithfully,

Pansi pake musayine ndi kulemba dzina lonse. Pamutupo ikani udindo wanu monga walembedwera m'kontirakiti, ndipo pa madeti onse muwonjezere chaka.

Ya m'Chichewa ikhale motere:

Wokondedwa Apampando,

KUSIYA NTCHITO YA UNAMWINO

Ndalemba kalatayi kukudziwitsani kuti ndapereka notisi yosiya ntchito pachipatala chino, ndipo tsiku langa lomaliza kugwira ntchito ndi 31 Ogasiti. Ndapeza malo kusukulu ya ukachenjede ya KUHeS, komwe maphunziro ayamba pa 2 Seputembala. Ndisanachoke ndidzasiya m'manja mwa anzanga mabuku, makiyi ndi zipangizo zonse zimene ndimasunga. Ndikuthokoza inu, mafumu ndi anthu onse a dera lino chifukwa cha mgwirizano umene unalipo pa zaka zinayi zimene ndatumikira pano.

Ine wanu,

Mwaona kuti m'kalata ya akomiti ndachotsamo za penshoni ndi masiku a tchuthi. Zimenezo ndi za inu ndi okulembani ntchito. Komiti sinakulembeni ntchito ndipo ilibe mphamvu yovomera kapena kukana. Mukungowadziwitsa mwaulemu, ndiye ilandire kalata yake pambuyo poti ya kuofesi yafika. Sizioneka bwino kuti a metroni amve za kuchoka kwanu kuchokera kwa a mfumu kumaliro.

Pali msampha umodzi polemba m'Chichewa. Ulemu wathu umatikokera ku mawu ngati "ndikupempha kuti mundilole ndikapitirize maphunziro" kapena "ndichokako pang'ono". Mawu otere amamveka ngati pempho la tchuthi, ndipo wina akhoza kudzanena kuti simunasiye ntchito koma munathawa. Makalata onse awiri anene chinthu chimodzi ndi tsiku limodzi. Madandaulo a alawansi yochedwa, kapena a mnzanu amene amakusiyirani wodi nokha, asalowemo ayi. Fayilo imakhala zaka zambiri, ndipo amene adzakulembereni kalata ya umboni mukamaliza digiri adzayamba waitsegula.

Sindikizani makope atatu. Popereka, pemphani kuti kope lanu alidinde chidindo cha deti ndi kusayina. Kutumiza chithunzi cha kalata pa WhatsApp si kupereka notisi kodalirika.

Sabata yomaliza muisamale. Ngati mumasunga makiyi a kabati ya mankhwala oopsa monga petidini ndi mofini, werengani mankhwalawo pamodzi ndi wolandira, muyerekeze ndi zimene zili m'kaundula, nonse musayine ndi kulemba deti. Botolo limodzi likadzasowa mu Okutobala, siginecha imeneyo ndiyo idzakuyankhireni muli m'kalasi. Chimodzimodzi makina oyezera BP, mabuku a malipoti a pamwezi ndi nyumba ya chipatala ngati mumakhalamo.

Pa ndalama, musayembekezere ija amapatsa anthu ochotsedwa ntchito pochepetsa antchito, chifukwa wosiya yekha salandira. Zanu ndi malipiro mpaka pa 31 Ogasiti, masiku a tchuthi otsala, ndi penshoni imene imakhalabe m'dzina lanu kukampani yosunga penshoni. Tengani nambala yanu ya umembala musanachoke. Satifiketi yosonyeza kuti ntchito yatha, imene gawo 31 limati bwana apereke wantchito akapempha, imanena nthawi imene mwagwira ndi udindo wanu, ndipo ndi yosavuta kuitenga mukadali pomwepo kusiyana ndi kuilondola patapita zaka.

Laisensi yanu ya ku khonsolo ya anamwino ndi azamba musaileke kuti ithe chifukwa muli pasukulu. Pa holide mudzafuna kugwira lokamu, ganyu wa kuchipatala, kuti mupezeko ya fizi ndi ya sopo, ndipo chipatala chilichonse chidzayamba chakufunsani laisensi yogwira ntchito.