Chikole ndi Chindapusa Pobwereketsa Matenti, Mipando ndi Zokuzira Mawu

"Ndili ndi tenti, mipando 100 ndi zokuzira mawu kuno ku Matero mu Lusaka, koma anthu amabweza mochedwa, zina zitathyoka. Kodi ndizilipiritsa bwanji?"

Amayi, mikangano yambiri pa ntchitoyi imayambira pa mawu akuti "tsiku", chifukwa wobwereka amawerenga tsiku la mwambo lokha, pomwe katundu wanu wachoka pakhomo masiku atatu. Ine ndimaona kuti nkwabwino kulipiritsa tsiku la mwambo, koma palembedwe pa risiti ola lotengera ndi ola lobwezera, ndipo wobwereka asaine ataonetsa chitupa chake.

Tiyerekeze ukwati wa Loweruka ku Chilenje, ndipo mitengo iyi ndi yachitsanzo chabe. Mipando 100 pa K5 umodzi ndi K500, tenti K800, zokuzira mawu K1,200, zonse pamodzi K2,500. Katundu achoke Lachisanu 4 koloko madzulo, abwere Lamlungu 10 koloko m'mawa. Chikole chikhale K2,000, chiperekedwe katundu asanakwezedwe pagalimoto. Chikolecho musachiyerekeze ndi mtengo wobwerekera, koma ndi zimene zimawonongeka kawirikawiri komanso kuchedwa kwa tsiku limodzi, ndipo mtengo wogulira mpando wina ulembedwe pa risiti pomwepo, mwachitsanzo K150.

Tsopano tinene kuti zokuzira mawu munakazitenga nokha Loweruka usiku, koma tenti ndi mipando zabwera Lolemba 9 koloko m'mawa, mipando itatu ili yothyoka miyendo. Chindapusa ndi mtengo wathunthu wa tsiku pa zimene zachedwa zokha, K1,300, kuphatikiza K450 ya mipando, ndipo mumbwezera munthuyo K250. Musachepetse chindapusa kufika pa theka, pakuti mukatero kuchedwa kumakhala kotsika mtengo kuposa kubwereka tsiku lachiwiri, ndipo amene amafuna mipandoyo Lamlungu masana mwamutaya kale.

Zokuzira mawu ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chikole chotere sichingagule ampulifaya ina. Magetsi akazima, anthu amalumikiza ku jenereta iliyonse imene yapezeka, ndipo mphamvu yake ikamakwera ndi kutsika ampulifaya imatha kupsa. Nchifukwa chake ndikulangizani kuti zipangizozi zizipita ndi munthu wanu wozidziwa, malipiro ake akhale mkati mwa K1,200 ija. Zikabwera, ziyeseni mwini mwambo ali pomwepo: sipika yopsa imanunkha ngati waya wopserera, imalira mosasa, ndipo mukakankha pang'onopang'ono chipepala chake chakutsogolo mumamva kukhulana mkati.

Tenti nayo muifunyulule yonse musanabweze chikole, makamaka m'nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, popeza yopindidwa ili yonyowa imachita chuku m'masiku ochepa. Muwerengenso mapaipi, zingwe ndi zikhomo zake, ndipo ngati mdima wagwa, gwirizanani kuti chikole chibwezedwa mawa lake masana.