Tupa sinalimbe mu oyilo, sipuling'i inang'aluka m'madzi

"Mpeni wosula ku tupa yakale ndinauviika mu oyilo wakuda wa galimoto, sunalimbe. Wa sipuling'i ndinauviika m'madzi, unang'aluka. Wina wanditumizira tchati cha TTT koma sindikuchimva. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, mwasinthanitsa basi. Cha m'madzi mwachipatsa oyilo, cha mu oyilo mwachipatsa madzi. Ndipo amene amangonena kuti "chikafiira ponyani m'madzi" alekeretu, awonongetsa zitsulo za anthu zambiri, makala ndi thukuta la tsiku lonse kupita pachabe.

Tsegulani tchaticho, chimene chimaonetsa mmene chitsulo chimasandukira malinga ndi kutentha ndi nthawi. Ndikuganiza kuti ndi cha 1080, chitsulo cha kaboni pafupifupi 0.8 peresenti, chifukwa n'chimene chimayenda kwambiri. Kukwera m'mwamba ndi kutentha, kupita kumanja ndi nthawi, koma nthawiyo imadumpha: sekondi 1, 10, 100, 1000. Pamwamba pali mzere wa 727°C. Chitsulo chikapitirira pamenepo chimasanduka ositenaiti, kaboni yense wasungunukira m'kati mwake ngakhale chitsulocho sichinasungunuke. Chikatsika pansi pa mzerewo ositenaiti sangakhalitse, ayenera kusanduka china. Mizere iwiri yopindika ngati C ikunena nthawi: wakumanzere ndi pamene kusandukako kumayamba, wakumanja pamene kumathera.

Yang'anani pamene C watulukira kwambiri kumanzere, pamphuno pake. Pa 1080 mphunoyo ili cha pa 550°C, ndipo nthawi yake ndi sekondi imodzi yokha. Nkhani yonse yagona pamenepa. Kuchokera pa 800°C muyenera kudutsa 550°C sekondiyo isanathe. Mukachedwa, kaboni amapeza mpata woyenda, n'kudzisanja m'timizere tosinthana, kofewa ndi kolimba. Ameneyo ndi peyalaiti. Akapangikira pafupi ndi 700°C timizereto timakhala tikulutikulu, chitsulo n'kukhala chofewa. Akapangikira pafupi ndi mphuno timakhala ting'onoting'ono, amafika mwina 40 HRC pa muyeso wa kulimba kwa chitsulo, koma tupa imamudyabe. Mukailambalala mphunoyo, ositenaiti amatsika wosasintha mpaka cha pa 220°C, pa mzere wolembedwa Ms. Pamenepo kaboni sangathenso kuyenda, amatsekeredwa pomwe ali, ndipo chitsulo chimasanduka matenisaiti wa pafupifupi 65 HRC. Matenisaiti sadikira nthawi, amangowonjezereka chitsulo chikamazizira. N'chifukwa chake mizere yake pa tchati ndi yogona.

Tupa yeniyeni ili ndi kaboni wambiri, 1 peresenti kapena kuposa, yopanda zina zochedwetsa, ndiye mphuno yake ndi yothina kuposanso ya 1080. Oyilo wakuda ndi wokhuthala, wodzaza litsiro, amachotsa kutentha pang'onopang'ono. Mpeni wanu unalowa m'mphuno, munapanga peyalaiti. Mwina kunsonga kopyapyala kokha n'kumene kunalimba. Onjezani masekondi amene munataya poyenda kuchokera pa moto kupita pa chitini: kukamwa kwa mpeni kumazizira m'mphepo musanaviike n'komwe. Chitini chizikhala pafupi ndi moto, sitepe imodzi.

Sipuling'i ya galimoto nthawi zambiri imakhala ya mtundu wa 5160: kaboni 0.6 peresenti ndi kolomiyamu pafupifupi 0.8 peresenti. Kolomiyamu ndi manganizi zimakankhira C uja kumanja, mumakhala ndi masekondi angapo m'malo mwa imodzi. Oyilo amakwanira bwinobwino. Madzi sawonjezera kulimba kulikonse, amangobweretsa tsoka.

Tsokalo limayenda chonchi. Mpeni ukalowa m'madzi, nthunzi imaukuta ngati bulangeti, ndipo imachoka mosiyana, pena msanga pena mochedwa. Madziwo saleka kuziziritsa mwamphamvu ngakhale pansi pa 300°C, pamene pafunika kuyenda pang'onopang'ono. Matenisaiti akamapangika chitsulo chimafufuma, pafupifupi 4 peresenti kuyerekeza ndi ositenaiti. Kukamwa kopyapyala kumafika pa Ms koyamba, kumafufuma n'kuuma gwaa, pamene msana ukadali wotentha. Kenako msana nawo umasanduka, umafufuma, n'kukoka kukamwa kumene sikungathenso kupindika. Mumangomva kuti "thi" m'chitini, kamawu kakang'ono, mpaka mbaniro imanjenjemera m'manja. Mukautulutsa umaoneka wabwino. Pukutani, muuyang'anitse pa dzuwa: timing'alu tonga tsitsi tayenda kuchokera kukamwa kulowera kumsana, tina tayambira pa chibowo cha chigwiriro kapena pa mkwasa wakuya wa galayinda. Palibe chokonza pamenepo, kuwotcherera n'kudzinamiza. Choipitsitsa n'choti nthawi zina sulira m'madzimo. Mumauika pa benchi mukusangalala, m'mawa mwaupeza wagawanika wokha chifukwa simunautempe, ndiko kuutenthetsanso pang'ono kuti usamathyoke msanga.

Za benaiti, mtundu wina umene ositenaiti amasandukira, musavutike nazo pa chitini. Ali pansi pa mphuno, pakati pa 550°C ndi Ms, ndipo ndi wolimba koma wosathyoka msanga. Kuti mumupeze pa 1080 muyenera kulambalala mphuno, n'kuimitsa chitsulo pa kutentha kumodzi, tinene 350°C, m'mchere wosungunuka kwa mphindi zingapo mpaka mzere wakumanja utadutsidwa. Zimatheka pa zinthu zopyapyala, mamilimita 5 kutsika. Mukamangoziziritsa mosalekeza, 1080 imakupatsani peyalaiti, matenisaiti kapena zosakaniza, benaiti pafupifupi palibe. Tchati cha TTT anachipanga akatswiri a zitsulo Davenport ndi Bain mu 1930 poika tizitsulo ting'onoting'ono pa kutentha kosasintha, osati m'chitini mmene kutentha kumangotsika. Tchati cha kuviika kwenikweni, cha kuzizira kosalekeza, ndi CCT, ndipo mizere yake imasunthira pang'ono kumanja ndi pansi. Pa chitsulo cha kaboni 0.8, chimaonetsa kuti pamafunika kuzizira pafupifupi 140°C pa sekondi kuti mupeze matenisaiti yekhayekha, ndipo pansi pa 35°C pa sekondi ndi peyalaiti yense.

Amene amandipsetsa mtima kwambiri ndi ogulitsa zitsulo zakale. Chilichonse chopindika kwa iwo ndi "sipuling'i yeniyeni, bwana", chilichonse cha mano ndi tupa yabwino. Matupa ena otchipa analimbitsidwa khungu lokha, m'kati muli chitsulo chofewa cha kaboni wochepa. Mukasula n'kupala khungulo, ngakhale muviike m'madzi amchere sichilimba, munthu n'kumadziona ngati sadziwa ntchito. Ndalama sabweza, amangoti munawotcha molakwika.

Poyesanso, wotchani mpaka maginito asiye kugwira, cha pa 770°C, ndiye muwonjezere pang'ono kufika 800 mpaka 830°C. Chitirani pamthunzi kuti muone mtundu bwino. Chikafika pa chikasu mwapsereza, njere za chitsulo zakula ndipo ching'aluka ngakhale mu oyilo. Kukamwa musakunole kaye, kusiyeni kokhuthala milimita imodzi. Mpeni wa sipuling'i uviikeni mu oyilo wopyapyala wofunditsidwa pa 50 mpaka 60°C, malita 4 kapena kuposa, muyendetse chokweza ndi chotsitsa, osati cham'mbali, ungapindike. Chivindikiro chikhale pafupi, oyilo amayaka. Ukangozizira moti n'kuugwira, yesani ndi tupa: ikaterereka walimba. Nthawi yomweyo utempeni pa 200°C ola limodzi, kawiri, mpaka uoneke wachikasu chotuwa ngati udzu wouma.

Wa tupa uja tchati chikuti madzi, kapena madzi a mchere 10 peresenti. Koma ine ndikuti mpeni wopyapyala wa mamilimita 3 musauike m'madzi, yambani ndi mafuta ophikira ofunda, nthawi zambiri amakwanitsa pa chinthu chopyapyala chotero. Akakanika, ndiye masekondi 3 m'madzi n'kuthamangira nawo mu oyilo. Ndipo tchaticho musachikhulupirire kwambiri pa chitsulo chimene simukudziwa dzina lake. Dulani tizidutswa titatu, kamodzi kazizire m'mphepo, kena mu oyilo, kena m'madzi, muyese ndi tupa, muthyole pa vayisi mutavala magalasi. Pothyokapo pakakhala posalala potuwa, kutentha kunali bwino. Pakakhala njere zonyezimira ngati shuga, chepetsani moto.