Ubwana umene munthu walemba yekha: tingaukhulupirire mpaka pati?

"Malemu bambo anga adasiya mbiri ya moyo wawo yolemba pamanja, ndipo tikufuna kuisindikiza kuti adzukulu adzawerenge. Koma azakhali akuti zambiri za ubwana wawo sizidachitike momwe adalembera. Kodi munthu angasokoneze mbiri yake yomwe? Nanga tingafufuze bwanji?"

Mayi, munthu angathe kutero, ndipo gawo la ubwana ndilo limasokonekera kuposa magawo ena onse a buku lotere. Za tsiku limene adabadwa, za amene adamulera ali wakhanda ndi za chimene chidasamutsa banja lake, wolembayo sadaone yekha. Adachita kumva, nthawi zambiri kwa munthu mmodzi amene anali ndi mbali yake pa nkhaniyo. Zimene adaona yekha amadzazilemba patapita zaka 50 kapena 60, atazifotokoza kambirimbiri kwa ana ndi kwa anzake, mwakuti chimene amakumbukira pomaliza ndi kafotokozedwe kake, osati tsikulo. Pamwamba pa izi, wolembayo amakhala akudziwa kale chimene adadzakhala, choncho amasankha mu ubwana wake zokhazo zimene zikuloza kumeneko.

Nkhani imene imaonetsa bwino zonsezi ndi ya Henry Morton Stanley, mtolankhani amene adapeza David Livingstone ku Ujiji mu 1871. Buku la mbiri yake lidatuluka mu 1909, patatha zaka zisanu iye atamwalira, ndipo adalikonza ndi mkazi wake, Dorothy. Stanley mwini adalemba mitu ya ubwana ndi unyamata wake, pamene zotsalazo mkaziyo adazilumikiza kuchokera m'makalata ndi m'mabuku a tsiku ndi tsiku a mwamuna wake. Choncho gawo limene lili m'mawu a mwiniwake ndilo lidadzapezeka ndi mavuto aakulu.

Dzina lake lobadwa nalo linali John Rowlands. Adabadwa mu Januwale 1841 ku Denbigh, m'dziko la Wales, kwa mayi wosakwatiwa dzina lake Elizabeth Parry, ndipo kaundula wa ubatizo adamulemba kuti ndi mwana wapathengo. Agogo ake amene ankamulera atamwalira, mu 1847 adaperekedwa ku nyumba yosungirako amphawi ya ku St Asaph, kumene adakhalako mpaka 1856. M'bukumo akunena kuti adachoka kumeneko atamenya mphunzitsi wankhanza, James Francis, amene ankafuna kumukwapula, kenaka n'kuthawa ndi mnzake. Koma kaundula wa nyumbayo, wolembedwa nthawi yomweyo, sasonyeza kuthawa kulikonse. Akusonyeza mnyamata amene adatulutsidwa mwa dongosolo kuti apite kwa mbale wake amene anali pa sukulu ina ya kufupi ndi Holywell.

Nkhani yaikulu ndi ya dzina. Iye akuti atafika ku New Orleans, ku Amereka, mu 1859, adakumana ndi wamalonda wolemera, bambo Stanley, amene adamukonda, adamutenga ngati mwana wake, adamupatsa dzina lake, kenaka adamwalira mu 1861 ali ku Cuba. Mumzindamo munalidi wamalonda a thonje wotchedwa Henry Hope Stanley, koma zolembedwa za kumeneko zikusonyeza kuti adamwalira mu 1878, patapita zaka 17 kuchokera pa imfa ya m'bukumo. Kalembera wa mu 1860 adapeza mnyamatayo akukhala m'nyumba yochita lendi pamodzi ndi anthu ena, akugwira ntchito ya ukalaliki, ndipo dzina lake lidalembedwa mofanana ndi Rowlands, osati Stanley. Ofufuza ena adaganiza kuti awiriwa adakhaladi limodzi kanthawi n'kuyambana. Tim Jeal, amene adawerenga mapepala a Stanley osungidwa ku Tervuren m'dziko la Belgium ndi kutulutsa buku lake mu 2007, adafika ponena kuti awiriwa sadakumanepo n'komwe. Apa pali malire oyenera kuwazindikira: mapepala amagwetsa chaka cha imfa mosavuta, koma satiuza mosakayikitsa ngati anthu awiri adapatsanapo moni.

Funso lanu lidandigwira mtima chifukwa kwathu tili ndi makope atatu a zikuto zofiira amene agogo anga aamuna adalembamo moyo wawo atapuma ntchito. Adalemba kuti adabadwa chaka cha nkhondo ya Chilembwe, 1915, ndi kuti ali ndi zaka 12 adayambana ndi amalume awo pa nkhani ya sukulu, adatuluka usiku osatsazika munthu, ndipo adayenda wapansi okhaokha mpaka ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Tonse tidakula ndi nkhani imeneyi, ndipo mwana akadandaula za mtunda wa kusukulu ankamukumbutsa za ulendowo. Atamwalira, tidatsegula sutikesi yawo yachitsulo ndi kupezamo khadi la ubatizo, lopindidwa panayi mkati mwa Baibulo, losonyeza kuti adabatizidwa ali wakhanda mu 1921. Munalinso chitupa chawo choyamba cha ulendo, chodindidwa mu 1938. Powerengera, munthu amene adanyamukayo anali mnyamata wa zaka 17, osati mwana wa zaka 12.

Mlongo wawo, amene anali adakali moyo, adatiuza zotsalazo atakhala pamkeka, akusenda chinangwa. Adati mkangano unalikodi, ndipo unali woopsa, koma udachitika zaka zingapo ulendowo usanachitike. Pa tsiku lonyamuka, amalume omwewo ndiwo adagulitsa mbuzi kuti mnyamatayo apeze kamba, ndipo adamuperekeza mpaka pamsewu, pomwe adakumana ndi amuna ena a m'mudzimo amene ankapita kukafuna ntchito. Agogo adaphatikiza mkangano ndi ulendo kukhala usiku umodzi, adachotsamo mbuzi, adachotsamo anzawo a panjira. Chaka cha 1915 adachitenga kwa mayi awo, amene ankawerengera zaka za ana awo potchula zochitika zikuluzikulu, ndipo zikuoneka kuti chakacho chinali cha mwana wawo woyamba amene adamwalira ali wamng'ono.

Pamenepa ndili ndi maganizo amene sindisintha. Anthu amene amati buku la malemu lisakhudzidwe, lisindikizidwe momwe liliri chifukwa kufufuza n'kusalemekeza akufa, amaiwala kuti m'bukumo muli akufa enanso. Amalume a agogo anga akhala munthu woipa m'banja mwathu kwa mibadwo itatu, pamene ndiwo adagulitsa mbuzi yawo. James Francis adadziwika kwa owerenga ambirimbiri ngati chilombo pa umboni wa munthu mmodzi amene adapezeka kuti adasintha zinthu zina zambiri. Anthu otere sadalembe mabuku awo, ndipo amene angawayankhulire ndi amene akufufuza. Komanso sindigwirizana ndi amene amati akapeza cholakwika chimodzi basi buku lonse ndi bodza. Stanley adakhaladi zaka zisanu ndi zinayi m'nyumba ya amphawi, mayi ake adamukanadi, ndipo munthu wobadwa pathengo m'nthawi imeneyo ankanyozedwa moyo wake wonse. Bambo womukonda amene adamuika m'bukumo akusonyeza chimene adasowa. Agogo anga adayendadi ulendowo, ndipo mantha amene adalemba anali enieni ngakhale kuti panjirapo anali ndi anzawo.

Chimene ndaona m'mabuku otere n'chakuti zolakwika sizimwazikana mwachisawawa. Pafupifupi zonse zimapendekera mbali imodzi: zaka zimachepa kuti chochitikacho chikule, othandiza amazimiririka kuti wolembayo aoneke kuti adadzitukula yekha, ndipo kuchoka kwa mwakachetechete kumasanduka kuthawa. Mukaona mutu umene mwana wamng'ono akugonjetsa munthu wamkulu, kapena pamene kukambirana kwa zaka 60 zapitazo kwalembedwa liwu ndi liwu, kapena pamene munthu wofunika kwambiri wamwalirira kutali popanda wina woona, pamenepo ndiye poyambira kufufuza.

Mmene mungafufuzire

Tengani pepala, mulembe chilichonse cha m'mitu ya ubwana chimene chili ndi dzina, malo kapena chaka, ndipo pambali pa chilichonse mulembe ngati bambo anu akadatha kuchiona okha kapena adachita kumva. Kenaka funani pepala lolembedwa nthawi yomweyo ndi munthu amene sankadziwa kuti mwanayo adzakhala ndani. Kalata ya kubadwa mwina simuipeza, popeza kale anthu ambiri kuno kwathu sankalembetsa ana ku boma, koma mipingo inkasunga mabuku a ubatizo ndi a kalasi, sukulu zina zidakali ndi kaundula wolowera, ndipo m'masutikesi mumapezeka zitupa, malisiti a msonkho ndi makalata a ntchito. Zolembedwa zakale za boma ndi za mamishoni ena zili ku nyumba yosungira zakale ya National Archives ku Zomba, ndipo zimathandiza kutsimikiza chaka chimene sukulu idatsegulidwa kapena mfumu idalowa ufumu.

Mapepalawo muwafunsenso mafunso. Chaka cha kubadwa cha pa chitupa kapena pa kalata ya ntchito n'chofooka, chifukwa kalaliki ankangoyang'ana msinkhu, ndipo anyamata ankachepetsa zaka pothawa msonkho kapena kuwonjezera pofuna ntchito. Tsiku lodinda chitupacho ndilo lolimba. Pa khadi la ubatizo onani ngati munthuyo adabatizidwa ali wakhanda kapena atakula, chifukwa wobatizidwa atakula adachita kutchula yekha zaka zake. Yesaninso zaka za m'bukumo ndi zochitika zodziwika: ngati bambo anu akuti ankaweta mbuzi pa njala ya 1949 koma kwina akuti adabadwa mu 1947, chimodzi mwa ziwirizi chalakwika.

Azakhali anu muwafunse paokha, musanawawerengere bukulo, kuti afotokoze m'mawu awo, ndipo muwajambule mawu ngati alola. Mufunsenso munthu wina wa msinkhu wawo amene si wa banja lanu, pokumbukira kuti abale awiri amene adamva nkhani kwa mayi mmodzi ndi mboni imodzi yokha. Posindikiza, mawu a bambo anu musawasinthe. Pansi pa tsamba lembani chimene khadi likunena, chimene azakhali akunena, ndi tsiku limene adakuuzani.