Mulu wa tomato ukhale umodzimodzi pamwamba ndi pansi

"Ndimagulitsa tomato pamsika wa Kapata muno mu Chipata, koma pamzere wathu tilipo ambiri ndipo mtengo ndi umodzi. Ndichite chiyani kuti ogula azibwera kwa ine?"

Amayi, musatsitse mtengo, chifukwa anzanu adzatsitsanso tsiku lomwelo ndipo nonse mudzaluza. Sankhani lonjezo limodzi limene mungalisunge ngakhale m'dzinja, ndipo pa tomato ndikulangizani ili: wapansi pa mulu afanane ndi wapamwamba, ndipo wopeza wowola mum'sinthire popanda mkangano. Ogula anatopa ndi milu yooneka bwino pamwamba pomwe pansi pabisidwa wofewa, choncho amene sachita zimenezi amadziwika msanga.

Lonjezoli limayambira pa kusankha m'mawa. Mukatsegula bokosi, patulani tomato patatu: wofiira wophika lero, wolimba wongoyamba kufiira amene angakhale masiku angapo kunyumba, ndi wofewa kapena wong'aluka. Wofewayo asakwere pathandala. Muikeni m'beseni pambali, mugulitse motchipa kwa ophika nsima pamsika, mukuwauza mmene alili. Milu ya wofiira ikhale kutsogolo, ya wolimba kumbuyo, pa saka loyera ndiponso pamthunzi, popeza dzuwa la Okutobala limafewetsa tomato tsiku lisanathe.

Tiyerekeze kuti bokosi mwaoda K300, ndipo mayendedwe ndi msonkho wa pamsika zadya K30. Mukapeza milu 40 ya K10, ndi K20 ya wofewa uja, phindu ndi K90. Ngakhale musinthire anthu tomato wokwana mulu wathunthu, mwatsala ndi K80, ndipo anthuwo abweranso mawa. Koma obweza akachuluka tsiku ndi tsiku, vuto lili kumene mukuoda kapena pa kasankhidwe kanu, ndipo mukonze kumeneko.

Mayeso enieni amabwera mvula ikakula, tomato akasowa n'kukwera mtengo. Pamenepo musachepetse mulu mwakachetechete kapena kusakanizamo ting'onoting'ono. Nenani poyera kuti, "Lero mulu uli ndi anayi m'malo mwa asanu, bokosi lakwera." Wogula amamvetsa kukwera kwa mtengo, koma akazindikira yekha kunyumba kuti mwamupusitsa, sabwera kudzadandaula, amangosamukira kwa mnzanu. Mbasela nayonso ikhale ya tomato wabwino.

Za chovala sizifuna ndalama zambiri. Soketsani maepuloni awiri a mtundu umodzi wowala ndi duku lofanana nawo, kuti ina ikachapidwa muvale inayo, ndipo musasinthe mtunduwo, kuti mayi potuma mwana azingoti, "Ukagule kwa amayi a epuloni yachikasu." Wokugwirirani mukachokapo avalenso yomweyo ndipo asunge lonjezo lomwelo.

Moni ukhale wa ulemu, wosakokera munthu ndi mfuu. Mukati "Mwauka bwanji, amayi?" funsani ngati akufuna wophika lero kapena wosunga, kenaka muwasankhire kuchokera pa milu yoyenera, iwo akuona.