Kalata ya bungwe isanatumizidwe: mafunso anayi oyenera kuifunsa

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera motere: "Ine ndine mlembi wa bungwe lathu la maliro, ndipo komiti yandituma kuti ndidziwitse mamembala za kukwera kwa chopereka. Kalatayo ndalemba, koma ndikuopa kuitumiza pa gulu la WhatsApp chifukwa yapitayi idautsa mapiri pachigwa. Kodi ndiyang'ane chiyani ndisanatumize? Nayi kalatayo: 'Moni nonse. Monga mukudziwa, zinthu zakwera mtengo ndipo bungwe lathu lidayambitsidwa kalekale ndi makolo athu amene adachokera kumudzi ndipo lathandiza anthu ambiri. Pa maliro apitawa tidavutika kwambiri chifukwa anthu ena safuna kulipira koma akaferedwa amakhala oyamba kubwera. Choncho komiti yaganiza kuti ndalama ikwere kufika pa 5. Amene sanalipire alipire msanga, apo ayi achotsedwa. Msonkhano uliko Loweruka pa 15 Juni pamalo a nthawi zonse. Muyenera kubwera.'"

Amayi, langizo langa ndi lakuti muiwerenge kalatayi kanayi, ndipo ulendo uliwonse mukhale ndi funso limodzi lokha m'mutu, chifukwa munthu amene akufunafuna zolakwika za mitundu yonse nthawi imodzi amangoona zilembo zophonyeka, zazikuluzikulu n'kumudutsa. Ndondomeko yake ilinso ndi ntchito. Muyambe ndi kufunsa ngati chilichonse chimene chili m'kalatamo chikufunikadi, kenako ngati chikumveka, kenako ngati chanenedwa mwaulemu woyenera, ndipo kalembedwe ka mawu kabwere pomalizira. Ambiri amayambira kumapetoku, ndipo amataya nthawi kukonza mipumiro m'chiganizo chimene pambuyo pake adzachifufuta chonse.

Musanawerenge koyamba, lembani pa kapepala kena chiganizo chimodzi chonena zimene mukufuna kuti membala achite akamaliza kuwerenga. Kwa inu chiganizocho ndi ichi: adziwe chopereka chatsopano, amalize ngongole yake ngati ali nayo, ndipo afike pa msonkhano. Tsopano yesani chiganizo chilichonse cha m'kalata yanu ndi muyeso umenewo. Mbiri ya makolo amene adayambitsa bungwe ndi yoona ndiponso yolemekezeka, koma palibe membala amene sakuidziwa, ndipo siikumuthandiza kuchita chilichonse mwa zitatu zija, choncho isungeni kuti wapampando akaitchule potsegula msonkhano. Kukwera mtengo kwa zinthu kukhale, pakuti ndicho chifukwa cha chigamulo cha komiti, komabe mutchule zinthu zenizeni zimene bungwe limalipira, monga bokosi, galimoto ndi chakudya cha pamaliro. Funso lomweli lili ndi mbali yachiwiri imene anthu amaiiwala, yomwe ndi kufunsa chimene chikusowa. M'kalata yanu simunanene mwezi umene chopereka chatsopano chiyambire, ndiponso simunanene amene alandire ndalamazo.

Kuwerenga kwachiwiri ndiko kumene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pagona vuto lalikulu la kalata yanu. Muiwerenge ngati kuti ndinu membala wa ku Epworth kapena ku Dzivarasekwa amene sadakhale nawo pa zokambirana za komiti, ndipo akuiwerenga pa foni ali m'kombi. Akafika pa mawu akuti "kufika pa 5", afunsa kuti 5 chiyani. Kuno ku Harare nambala yopanda dzina la ndalama siinena kanthu, makamaka chiyambire mu Epulo 2024 pamene ndalama ya Zimbabwe yotchedwa ZiG idayamba kugwira ntchito limodzi ndi dola ya ku America. Afunsanso ngati 5 ameneyu ndi wa pamwezi kapena wa pa maliro aliwonse, ngati ndi wa munthu mmodzi kapena wa banja lonse, komanso ngati angatumize pa EcoCash kapena afunika kubwera nazo pamanja. Inu mayankho onsewa mukuwadziwa, ndipo n'chifukwa chake simunaone kuti mulibe m'kalatamo. Wolemba amawerenga zimene zili m'mutu mwake, pamene wolandira amawerenga zimene zili pa tsamba basi.

Mawu ena ofunika kuwasaka ndi amene amaoneka ngati akunena nthawi kapena malo koma osatchula chilichonse. "Msanga" kwa msungichuma ndi sabata ino, koma kwa munthu amene amalandira malipiro pakutha pa mwezi ndi masabata atatu akubwerawa, ndipo onse awiri adzaumirira kuti adamva bwino. "Pamalo a nthawi zonse" sipathandiza membala amene walowa chaka chino, ndipo ola la msonkhano simunalitchule n'komwe. "Amene sanalipire" ndi ovuta kuposa onsewa, chifukwa amaphatikiza munthu amene watsalira mwezi umodzi ndi wina amene watha chaka osaponya kanthu. Ngati malamulo a bungwe lanu amanena za miyezi itatu, lembani miyezi itatu. Pomaliza pa gawoli, onani pamene mwaika nkhani yaikulu. M'kalata yanu yabwera m'chiganizo chachinayi, pamene uthenga wautali pa WhatsApp umadulidwa ndipo ambiri satsegula kuti aone chotsalacho. Chopereka ndi tsiku la msonkhano zikhale m'mizere yoyambirira, zifukwa zibwere pambuyo.

Kuwerenga kwachitatu muchite mokweza mawu, ndipo muyerekeze kuti mukuwerengera munthu wamkulu kwambiri wa m'bungwemo ali pamaso panu. Chiganizo chimene simungathe kuchinena mukumuyang'ana m'maso chichotsedwe kapena chisinthidwe. Cha anthu "oyamba kubwera akaferedwa" sichingapirire mayeso amenewa. Simunatchule dzina, ndi zoona, koma pa gulu la anthu odziwana aliyense akudziwa banja limene laferedwa posachedwa, ndipo banjalo lidzawerenga kuti mukunena ilo, misozi isanaume. Ndikukhulupirira kuti zimene mwalembazo zimachitikadi, koma malo ake ndi pa msonkhano wa komiti kapena pokambirana ndi munthuyo pambali. Mawu akuti "safuna kulipira" alinso ndi chiweruzo chimene simungachitsimikize, pakuti ena akufuna koma alibe. Nenani zimene buku la msungichuma likusonyeza, kuti alipo amene atsalira, osati zimene mukuganiza kuti zili m'mitima yawo.

Pano pali malire amene muyenera kusamala nawo. Ulemu ukapitirira umaphimba uthenga, ndipo ndaonapo makalata odzaza ndi "ngati kungatheke" ndi "mwina mwake" moti wowerenga amatsala akuganiza kuti kulipira n'kodzifunira. Ngati lamulo likunenadi kuti wotsalira miyezi itatu amataya mwayi wothandizidwa, linenedwe momveka, koma linenedwe monga lamulo limene mamembala onse adagwirizana, osati monga chiopsezo chochokera kwa mlembi, ndipo pambali pake pakhale khomo lotsegukira amene ali pa mavuto. "Muyenera kubwera" asanduke "tikukupemphani kuti mudzabwere", ndipo "Moni nonse" akule pang'ono kuti alemekeze amayi ndi abambo amene mukuwalembera. Muonetsetsenso kuti komiti "yagamula" kapena "yaganiza", chifukwa ngati yangoganiza ndipo msonkhano ndiwo udzavomereze, kalatayo iyenera kunena choncho.

Tikasonkhanitsa zonsezi, ndipo nditaika manambala ndi malo ongoyerekeza amene inu muwasinthe ndi enieni, kalatayo ingamveke motere: "Amayi ndi abambo, mamembala onse a bungwe lathu, tikupereka moni. Komiti ikukudziwitsani kuti kuyambira mwezi wa Julayi chopereka cha pamwezi cha banja lililonse chidzakwera kuchoka pa madola 3 kufika pa madola 5 a ku America, chifukwa mtengo wa bokosi, galimoto ndi chakudya cha pamaliro wakwera. Tikukupemphani kuti mudzabwere ku msonkhano Loweruka pa 14 Juni, nthawi ya 2 koloko masana, kunyumba kwa wapampando, kumene nkhaniyi idzafotokozedwe mokwanira. Amene atsalira miyezi itatu kapena kuposerapo akupemphedwa kumaliza ngongole yawo kwa msungichuma pasanafike pa 30 Juni, pakuti malinga ndi malamulo athu wotsalira chotere sathandizidwa. Amene ali ndi vuto aonane ndi msungichuma pambali kuti agwirizane kalipiridwe. Zikomo. Mlembi, m'malo mwa komiti."

Mwina mwaona kuti ndasintha 15 kukhala 14, ndipo apa ndi pamene payambira kuwerenga kwachinayi. Zolakwika zimene zimapweteka kwambiri si za zilembo ayi, koma za masiku, manambala ndi mayina. Pa kalendala ya 2025, tsiku la 15 Juni ndi Lamulungu, choncho kalata yanu ikadagawa anthu pawiri, ena kubwera Loweruka, ena kubwera tsiku lotsatira. Ine ndangosankha Loweruka, koma inu mufunse wapampando kuti cholondola n'chiti. Tsiku lililonse muliyerekeze ndi kalendala, ndalama iliyonse ndi buku la zokambirana za komiti, ndipo nambala ya foni yolandirira ndalama muiwerenge nambala imodziimodzi mukuyang'ana pa foni ya mwini wake. Mwezi muulembe ndi dzina lake, osati ndi nambala yokha.

Za kalembedwe ndinene mwachidule. Makina oyang'ana zilembo a pa foni ndi pa kompyuta ambiri sadziwa Chichewa, ndipo ena amasintha mawu athu mwakachetechete kuti afanane ndi a Chingerezi, choncho musawadalire. Ife amene timayankhula Chishona tsiku lonse timakonda kulemba r paliponse, pamene lamulo la Chichewa limaika r pambuyo pa i ndi e, monga mu "maliro" ndi "kubwera", ndipo l amakhala kwina konse, monga mu "kalata" ndi "malo". Njira yabwino yogwirira zoterezi ndi kuwerenga kuyambira chiganizo chomaliza kubwerera kumayambiriro, chifukwa mukatero maso sathamangira tanthauzo ndipo amaima pa liwu lililonse.

Mukamaliza, musatumize nthawi yomweyo. Perekani kalatayo kwa munthu mmodzi amene si wa m'komiti, ndipo musamufunse ngati ili bwino, chifukwa mwaulemu adzangovomera. Mufunseni kuti akuuzeni ndalama zimene ayenera kulipira, kuyambira liti, ndiponso kumene ayenera kupezeka ndi nthawi yake. Akakayikira pa chimodzi, bwererani pa chiganizo chimenecho. Wapampando ndi msungichuma aionenso, popeza ikutuluka m'dzina la komiti. WhatsApp imalola kukonza uthenga mkati mwa mphindi 15 zokha chitumizireni, ndipo kukonzako sikufika kwa amene ena awatumizira kale uthengawo kunja kwa gulu, choncho ndi bwino kuulemba kaye pena, kudzitumizira nokha kuti muone mmene ukuonekera pa foni, kenako n'kuuika pa gulu.