Katuni wa mphaka wa pinki

"Ndikukumbukira katuni wa nyama yayitali, yoonda, ya pinki. Nyimbo yoyambira inalibe mawu, chitoliro chokha chonyang'ama. Anali katuni wanji?"

Achimwene, chandigwira mtima n'chakuti nyimboyo inalibe mawu. Makatuni ambiri amatchula dzina lawo m'nyimbo yoyambira, choncho nyimbo yopanda mawu imachepetsa kwambiri oti tiwaganizire. Kuonjezapo mtundu wa pinkiwo, ine ndikuti ndi The Pink Panther. Chitoliro mukunenacho ndi sakisofoni, ndipo nyimboyo anaipeka Henry Mancini, ya filimu ya 1963. Imayamba pang'onopang'ono ngati munthu akuyenda monyang'ama kuopa kudzutsa ogona.

Koma musangokhulupirira mtundu wokha, chifukwa ubongo umasakaniza zaubwana, komanso ma TV akale ankasintha mitundu. Palinso mphaka wina wa pinki, Snagglepuss. Chowasiyanitsa ndi pakamwa: Snagglepuss ndi wolongolola, pomwe mnzakeyu pafupifupi salankhula konse, amangochita zinthu mwakachetechete. Kodi mukukumbukira kamunthu kakafupi, koyera, ka mphuno yaikulu kakupsa mtima? Ngati eya, ndi The Pink Panther yemweyo, poti kamunthuko ndi ka m'katuni ameneyo.

Kuti mutsimikize, ing'ung'uzani nyimboyo pa pulogalamu ya Google ya pafoni, podina maikolofoni kenako `Search a song`. Masekondi 10 mpaka 15 akwana.