Za dasha ndi chaka cha ukwati

"Achimwene, mnzanga wa ku India yemwe timagwira naye ntchito akuti dasha yanga ikuonetsa kuti ndikwatiwa posachedwa, wangofunsa tsiku ndi ola lomwe ndinabadwa. Amawerengera bwanji zimenezi?"

Chemwali, dasha yomwe okhulupirira nyenyezi ku India amagwiritsa ntchito kwambiri ndi Vimshotari. Amatenga zaka 120 nkuzigawa kwa omwe iwo amawatcha mapulaneti 9, aliyense amati amalamulira moyo wa munthu kwa nthawi yake ndipo mndandanda wake susintha: Ketu zaka 7, Shukira kapena kuti Venus 20, Dzuwa 6, Mwezi 10, Mangala kapena kuti Mars 7, Rahu 18, Guru kapena kuti Jupiter 16, Shani kapena kuti Saturn 19, Budha kapena kuti Mercury 17. Rahu ndi Ketu si mapulaneti enieni, ndi malo awiri pomwe njira ya Mwezi imadutsana ndi ya Dzuwa. Poyambira pamadalira pomwe Mwezi unali pa ola lomwe munabadwa, pakuti thambo analigawa mzigawo 27 zotchedwa nakishatira ndipo chigawo chilichonse chili ndi mwini wake.

Tiyerekeze kuti munabadwa mu Januwale 2000 Mwezi uli pakatikati pa Rohini. Mwini wa Rohini ndi Mwezi womwewo, ndiye poti theka unali utadutsa kale mwatsala ndi zaka 5 basi, mpaka 2005, kenako Mangala mpaka 2012, kenako Rahu mpaka 2030. Koma zaka 18 zachuluka eti, palibe angakuuzeni kuti mukwatiwa pakati pa 2012 ndi 2030 inu nkumulipira. Ndiye amazidulanso tizigawo totchedwa antadasha, masamu ake ndi zaka za mwini dasha kutaimusa zaka za mwini antadasha nkugawa ndi 120. Shukira mkati mwa Rahu ndi 18 x 20 / 120, zaka 3, ndipo zikugwera chapakati pa 2023 mpaka chapakati pa 2026.

Bwanji Shukira? Kwa iwo ndiye pulaneti ya chikondi ndi ukwati. Pa tchati yobadwira, chomwe ndi chithunzi cha thambo pa ola lomwe munabadwa chogawidwa mzigawo zotchedwa nyumba, amayang'ananso nyumba ya nambala 7, yomwe ndi ya banja, kuti mwini wake ndani ndipo mwakhala ndani mmenemo, antadasha ya amenewo imawerengedwanso. Kwa akazi ambiri amaonjezera Guru, enanso amadikira kuti Guru ndi Shani pakuyenda kwawo kumwambako akhudze nyumba imeneyi nthawi imodzi.

Pomwe zimasokonekera ndi pa ola lobadwira. Mwezi umadutsa nakishatira imodzi pafupifupi tsiku limodzi, ndiye amayi akangoti "unabadwa cha kummawa" nkuphonya ndi ola limodzi lokha, mchitsanzo chathuchi zaka zonse zija zasuntha ndi miyezi pafupifupi 5, ndipo nyumba ya 7 ija imasintha pafupifupi maola awiri aliwonse.

Ineyo maganizo anga, sayansi siyikugwirizana nazo zimenezi, komanso mukaphatikiza Shukira, Guru, mwini nyumba ndi okhalamo, zaka zoyenera ukwati zimachuluka mpaka chaka chilichonse chomwe mungakwatiwe wina adzati dasha inanena kale. Mnzanuyo mumufunse kuti akunena antadasha ya ndani, ikuyamba liti ndipo ikutha liti.